Fani ikamalimbana ndi mpweya wotentha, wopambana ndani?

Fani ikhoza kumazungulira, kumamveka phokoso lake, kumadya magetsi, koma chipangizo chimene ikuuzira n'kumatentha kuposa mmene chikanatenthera pakanakhala popanda fani n'komwe. Zikumveka ngati zosatheka, komatu zimachitika m'mabokosi a magetsi, m'mainveta a sola ndi m'makina ena otsekeredwa m'kabati yachitsulo. Kawirikawiri sikuti wina walumikiza mawaya molakwika ayi. Vuto limakhala lakuti mpweya wa m'bokosimo ukukokedwa ndi mphamvu ziwiri, ndipo amene anaika faniyo anawerengera imodzi yokha.

Mphamvu yoyamba ndi ya faniyo. Mpweya ukakankhidwa umakhala ndi liwiro, ndipo chinthu chilichonse chimene chili paliwiro sichifuna kuima kapena kukhota. Mphamvu yachiwiri siichokera ku magetsi. Mpweya ukakhudza chitsulo chotentha umafutukuka, umapepuka, ndipo mpweya wozizira wouzungulira, poti ndi wolemera, umalowa pansi pake n'kuukankhira m'mwamba. Bokosi lopanda kanthu la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalowa mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 1.16 pa madigiri 30, koma pa madigiri 70 limalowa makilogalamu 1.03 okha. Kusiyana kochepa kumeneku n'kumene kumakweza utsi wa pamoto.

Ndipo utsi womwewo umaonetsa nkhani yonse. Kunja kukakhala zii, umakwera chowongoka. Kukakhala chimphepo umagona, n'kupita kumene mphepoyo ikupita ngati kuti sunatenthe n'komwe. Koma pali kamphepo kapakatikati kamene kamachititsa utsi kupendekera, kupindika, mwina kubwerera kumaso kwa wophika. Mainjiniya amati kutentha kukamachoka ndi mpweya kapena madzi oyenda, imeneyo ndi konvekishoni. Ya mpweya wokwera wokha amaitcha yachilengedwe, ya fani kapena pampu amaitcha yokakamiza, ndipo yapakatikati ija ndi yosakanikirana. Ziwiri zoyambazo zili ndi masamu ake osavuta m'mabuku. Yachitatuyo ndi imene imasokoneza, choncho funso loyamba la aliyense wokonza makina oziziritsa limakhala lakuti: kodi pano kukwera kwa mpweya wotentha ndikuwerengere, kapena ndikusiye?

Yankho lake ndi nambala imodzi. Timatenga mphamvu yokweza n'kuigawa ndi mphamvu ya liwiro:

```
Ri = g × β × ΔT × L / U²
```

Pamwamba pali zinthu zinayi zokulitsa mphamvu yokweza. Chilembo g ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, 9.8, ndipo sichisintha. Chilembo β chikunena mmene mpweya umafutukukira ukatentha ndi digiri imodzi. Cha mpweya sichifuna buku: onjezani 273 pa madigiri a mpweyawo, kenaka gawani 1 ndi nambala imene mwapezayo. ΔT ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa chitsulo ndi mpweya umene ukubwera, ndipo L ndi kutalika kwa chitsulocho kuchokera pansi kufika pamwamba, m'mamita. Pansi pa mzere pali chinthu chimodzi chokha, U, liwiro la mpweya m'mamita pa sekondi, koma lochulukitsidwa ndi ilo lomwe.

Kachiwiri kakang'ono kali pamwamba pa U kameneko ndiko kamanyamula nkhani yonse. Liwiro limalowa kawiri chifukwa mpweya ukathamanga kawiri, umafika wochuluka kawiri pa sekondi iliyonse, komanso kachigawo kalikonse ka mpweyawo kamafika ndi mphamvu yowirikiza. Ndiye fani ikafooka n'kutsika liwiro ndi theka, Ri sawirikiza kawiri koma kanayi. Ikatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro lake, Ri amawirikiza kasanu ndi kanayi.

Ri ndi chidule cha dzina la Lewis Fry Richardson, Mngelezi amene anakhala ndi moyo kuyambira 1881 mpaka 1953. Iye sankaganiza za mafani. Ankaphunzira mphepo ya mumlengalenga, ndipo mu 1922 anatulutsa buku la kulosera nyengo pogwiritsa ntchito masamu, nthawi imene kunalibe makompyuta owerengera masamuwo. Mainjiniya anangobwereka dzina lake chifukwa funso lake linali lomweli, la kulimbana kwa kupepuka ndi liwiro. M'mabuku a uinjiniya nambalayi imalembedwanso `Gr/Re²`. Gr ndi nambala ya Franz Grashof, injiniya wa ku Germany amene ankaphunzitsa ku Karlsruhe, ndipo imayeza mphamvu yokweza. Re ndi ya Osborne Reynolds wa ku Manchester, amene mu 1883 anaonetsa ndi utoto m'paipi yagalasi mmene madzi oyenda mwabata amayambira kuvunduka. Nambala ziwirizi, iliyonse payokha, imafuna kuti mudziwe kunanda kwa mpweya kapena madziwo, kuja kumene kumachititsa uchi kuyenda pang'onopang'ono kuposa madzi. Koma mukagawa Gr ndi Re wochulukitsidwa ndi iye mwini, kunandako kumafafanizika mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake Ri akhoza kuwerengedwa pachikutiro cha envelopu, ndi tepi yoyezera ndi kachipangizo koyezera kutentha basi.

Kuwerenga yankho n'kosavuta. Ri akakhala pansi pa 0.1, fani ndiyo ikulamulira, ndipo kukwera kwa mpweya wotentha mungakusiye. Akapitirira 10, faniyo ingokhalapo dzina, kutentha kukuchoka kokha. Pakati pa 0.1 ndi 10 muyenera kuwerengera zonse ziwiri, makamaka pafupi ndi 1 pamene mphamvuzo zikufanana. Malire amenewa si lamulo lachilengedwe. Ndi mgwirizano chabe wa pamene kulakwitsa kumayamba kukula mokwanira kuti munthu akudere nkhawa.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda mpaka kumapeto. M'kabati ya inveta ya sola muli mbale yachitsulo yoimirira, yosalala, yotalika theka la mita ndipo m'lifupi mwake masentimita 40. Kuseri kwake kwamangidwa zipangizo zimene zimatentha zikamagwira ntchito, ndipo ntchito ya mbaleyo ndi kutaya kutenthako mumpweya. Tinene kuti mbaleyo ili pa madigiri 70 ndipo mpweya ukulowa pa madigiri 30. Kusiyana kwake ndi 40. Mpweya wokhudza mbaleyo uli pakati pa ziwirizi, pa madigiri 50, choncho β ndi 1 kugawa ndi 323, zimene zikupereka 0.0031. Tikachulukitsa zapamwamba zonse timapeza izi:

```
9.8 × 0.0031 × 40 × 0.5 ≈ 0.6
```

Nambala ya 0.6 imeneyi ikubisa chinthu chothandiza kwambiri. Funsani kuti ndi liwiro liti limene likachulukitsidwa ndi ilo lomwe limapereka 0.6. Yankho ndi pafupifupi 0.8. Tanthauzo lake n'lakuti mbaleyi ili ndi kamphepo kakekake, kolowera m'mwamba, kamene mphamvu yake ikufanana ndi ya mphepo ya masentimita 80 pa sekondi. Ameneyo ndiye mdani kapena bwenzi la fani. Ine ndimaona kuti kuganiza motere n'kwabwino kuposa kuloweza malire aja, chifukwa munthu amangoyerekeza maliwiro awiri. Fani ikaposa kamphepo ka mbale katatu, yapambana. Ikachepera katatu, yagonja. Malire a 0.1 ndi 10 aja akunena zomwezi, poti 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi pafupifupi 10.

Fani ili yatsopano, tinene ikuyendetsa mpweya pambalepo pa mamita 3 pa sekondi. Ri ndi 0.6 kugawa ndi 9, pafupifupi 0.07. Tili pansi pa 0.1. Masamu a m'mabuku a mbale yosalala amaonetsa kuti fani yokha, paliwiro limeneli, imachotsa mawati 76 pambalepo, pamene kukwera kwa mpweya kokha, fani itazimitsidwa, kumachotsa mawati 36. Apa tikuwerenga kutentha kochoka ndi mpweya kokha. Kumene chitsulo chimataya chokha ngati mmene mbaula imaotchera nkhope patali timakuika padera, poti fani siikukhudza.

Munthu angaganize kuti ziwirizi zikagwirira limodzi ndi 76 kuphatikiza 36. Sizitero. Kutentha kumachoka kudzera m'kachigawo kopyapyala ka mpweya kamene kamamatira pachitsulo, ndipo kachigawoka n'kamodzi. Fani ikakapyapyalitsa kale, kamphepo ka mbale sikapeza zambiri zowonjezera. Njira imene mainjiniya amagwiritsa ntchito pa mbale yoimirira, yogwirizana bwino ndi zimene zinayezedwa, ndi yochulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe katatu musanaphatikize kapena kuchotsera:

```
Q³ = Q(fani)³ ± Q(kukwera)³
```

Timaphatikiza ngati fani ikuuzira m'mwamba, kumene mpweya wotentha ukufuna kale kupita. Timachotsera ngati ikuuzira pansi, kulimbana nawo. Ndi 76 ndi 36, kuuzira m'mwamba kumapereka mawati 79, kuuzira pansi kumapereka 73. Kusiyana ndi 76 uja ndi mawati atatu okha mbali iliyonse, ochepa kuposa kulakwitsa kwa masamu enieniwo. Ndiye amene anaika fani pamwamba pa kabati kuti iziuzira pansi, mwina pofuna kuti isayamwe fumbi lapansi, akhoza kuyesa tsiku loyamba n'kupeza zonse zili bwino. Ndipo sananame. Tsiku limenelo zinalidi bwino.

Kenaka pamadutsa miyezi ya chilimwe. Sefa ya pakhomo la mpweya imadzaza fumbi, mapiko a fani amamera litsiro, mwina wina wayedzamiritsa katoni pamabowo otulukira mpweya. Fani ikuzungulirabe, phokoso lake silinasinthe kwenikweni, koma mpweya wofika pambale watsika kufika masentimita 80 pa sekondi. Ri tsopano ndi 0.6 kugawa ndi 0.64, pafupifupi 1. Fani yokha paliwiro limeneli ikanachotsa mawati 39, ndipo kukwera kwa mpweya kukadali pa 36 paja. Ngati ikuuzira m'mwamba, ziwirizi pamodzi zimapereka mawati 47. Zatsika, koma mbale ikuthandizidwa ndi kutentha kwake komwe. Ngati ikuuzira pansi, kuchotsera kuja kumasiya mawati 23 okha.

Yang'anani bwino manambala atatuwa: 47, 36 ndi 23. Fani yomweyo, fumbi lomwelo, koma mbali imene yayang'ana yasintha kuziziritsa ndi theka. Ndipo 23 ndi wochepa kuposa 36, kutanthauza kuti fani yofooka youzira pansi yaipa kuposa kusakhala ndi fani. Chimene chikuchitika pachitsulopo n'chakuti mpweya wochokera kumwamba ukutsika, wotentha wa pambale ukufuna kukwera, ndipo penapake pambalepo ziwirizi zimagundana. Pamenepo mpweya umaima, kapena umazungulira pamalo amodzi, n'kumatentherabe. Chipangizo chimene chamangidwa kuseri kwa malo amenewo ndicho chimayamba kupsa.

Nambala ya 23 musaigwire mwamphamvu. Manambala awiri akayandikana chonchi, kuchotsera kumakhala kosadalirika, ndipo akanafanana ndendende masamuwo akanati palibe kutentha kochoka, zimene sizichitika, chifukwa mpweya wogundanawo umagwedezeka n'kumasakanizika ndithu. Chodalirika ndi chakuti pali dzenje pafupi ndi Ri wa 1 pamene mphamvuzo zikulimbana, ndipo kuzama kwake kwenikweni kumadziwika poyeza, osati powerengera.

Pali china chimene chitsanzochi chaphweketsa. Tinaika mbale pa madigiri 70 ngati kuti imakhala pamenepo, koma inveta siisankha madigiri. Imatulutsa mawati ake molingana ndi katundu amene yasenza, ndipo mbale imatentha mpaka mawatiwo apeze potulukira. Kuziziritsa kukachepa, ΔT amakwera, ndipo ΔT ali pamwamba pa mzere mu Ri. Fani youzira m'mwamba imapindula nazo, poti mbale ikatentha kwambiri kamphepo kake kamakula n'kuthandiza. Fani youzira pansi imaona mdani wake akukula. Onjezani apo masana a Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene mpweya wolowawo umapitirira madigiri 40 usanakhudze n'komwe chitsulo, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake makina ena amadzizimitsa okha masana n'kuyambanso kugwira bwino madzulo.

Kuzindikira kuti zafika pamenepa sikufuna zipangizo zodula. Yatsani koyilo ya udzudzu, muiyandikitse kumabowo a kabati kunja kwake, osatsegula, poti za m'kati mwa bokosi lamagetsi ndi za amisiri a magetsi. Utsi ukamayamwidwa mwamphamvu mbali imodzi n'kutuluka chowongoka mbali ina, fani ikulamulira. Ukamazengereza, kulowa pang'ono n'kubwerera, kapena mukamva mpweya wofunda ukutuluka pabowo limene liyenera kulowetsa wozizira, muli m'chigawo chapakatikati. Mmisiri amene ali ndi choyezera kutentha cha patali amaona chizindikiro china. Mbale youziridwa bwino imatentha pang'onopang'ono kuchokera kumene mpweya ukulowera kupita kumene ukutulukira, koma mbale imene mphamvu zikulimbanirana imakhala ndi malo otentha kwambiri penapake pakati, ndipo nambala ya pachoyezeracho imakwera n'kutsika yokha. Mankhwala ake ndi kutsuka sefa, ndipo ngati kabati ikulola, kukonza kuti mpweya uzilowera pansi n'kutulukira pamwamba. Si mwangozi kuti mabuku a malangizo a makina ambiri otere amalamula kuti aimikidwe chowongoka ndipo pasiyidwe mpata pamwamba ndi pansi pake.

Masamu omwewa amagwira pa zinthu zazikulu ndi zazing'ono, ndipo mayankho ake amadabwitsa. Mosungiramo katundu motalika mamita 6, mmene mpweya wa kudenga waposa wapansi ndi madigiri asanu okha, zapamwamba zija zimapereka pafupifupi 1, ndiye kamphepo kake ndi mita imodzi pa sekondi, koposa ka mbale yathu yotentha ija. Msinkhu walipira kuchepa kwa madigiri. Mpweya wa m'nyumba kawirikawiri suyenda mwaliwiro lotero, choncho m'nyumba zazitali kukwera kwa mpweya wofunda sikunganyalanyazidwe. Madzi ndi nkhani ina. Amafutukuka pang'ono kwambiri: pa madigiri 40 β wawo ndi pafupifupi 0.0004, ndipo pa madigiri 4 ndi ziro. M'paipi ya masentimita awiri, khoma lake litaposa madzi ndi madigiri 20, liwiro loyerekezera lija ndi masentimita anayi okha pa sekondi. Pampu iliyonse yamphamvu imaliposa kutalitali, koma madzi oyenda pang'onopang'ono m'mapaipi a gizala ya sola saliposa kwenikweni.

Nambalayi ili ndi malire ake, ndipo amene amaikhulupirira mopitirira amalakwitsa m'malo odziwika. Malo oyamba ndi U. Liwiro lofunika ndi la pachitsulo pomwepo, osati la pakamwa pa fani kapena lolembedwa pakatoni yake. M'kabati imodzi Ri akhoza kukhala 0.05 moyang'anizana ndi fani ndipo 5 pakona kuseri kwa mtolo wa mawaya. L nayenso amafuna nzeru. Pa mbale yoimirira ndi msinkhu, pa paipi yogona ndi kukula kwa bowo lake, ndipo mukaigoneka mbale ija chafufumimba nkhani imasintha, chifukwa mphamvu yokweza siikukankhanso motsatira mphepo kapena molimbana nayo, koma mopingasa. Mbale yotentha yoyang'ana kumwamba imatulutsa timizere ta mpweya wokwera timene timathandiza kusakaniza, pamene yoyang'ana pansi imaunjika mpweya wotentha pansi pake ngati denga. Malire a 0.1 ndi 10 aja sanapangidwire zimenezi. Ndipo mbale za m'makina enieni zimakhala ndi mapiko oyandikana, kotero mawati ake amasiyana ndi a mbale yosalala, ngakhale kuti kulimbana kwa mphamvu ziwirizo n'komweko.

Pa mafuta okhuthala, monga a m'thiransifoma, Ri amakokomeza. M'mafuta otero kutentha kumafalikira pang'onopang'ono, kotero kachigawo kotentha n'kopyapyala kwambiri, ndipo kamakwera movutikira chifukwa kunanda kumakagwira. Kunanda kuja kunafafanizika m'masamu, koma m'mafutamo kukadalipo. Zotsatira zake n'zakuti kukwera kumayamba kuwerengeka pa Ri wamkulu kuposa wa mpweya.

Chodabwitsa kwambiri chimabwera mpweya kapena madzi akayamba kuvunduka. Zonse zimene tanena, zakuti kuuzira m'mwamba kumathandiza ndipo kuuzira pansi kumalepheretsa, n'zoona pamene mpweya ukuyenda mwabata, m'mizere yosasakanikirana. M'paipi yoimirira yotenthetsedwa, imene madzi ake akuyenda movunduka, zimatembenuka. Kuvundukako n'kumene kumanyamula kutentha kuchoka pakhoma kupita pakati, ndipo kumabadwa chifukwa madzi a pakati amathamanga kuposa a pakhoma. Madziwo akamakwera, mphamvu yokweza imafulumizitsa otentha a pakhoma aja, kusiyana kwa maliwiro kumachepa, kuvunduka kumazirala, ndipo khoma limatentha kwambiri ngakhale kuti mphamvu ziwirizo zikulowera mbali imodzi. Madzi akamatsika, kusiyanako kumakula, kuvunduka kumalimba, ndipo kutentha kumachoka bwino. Okonza maboila akuluakulu ndi malo opangira magetsi a nyukiliya amasamala kwambiri zimenezi, ndipo J. D. Jackson ndi anzake ku Yunivesite ya Manchester anazifufuza kwa zaka zambiri.

Choncho musanasankhe kuphatikiza kapena kuchotsera, nambala ya Reynolds imene tinaifafaniza ija imafunikanso. M'paipi kuvunduka kumayamba Re akapitirira pafupifupi 2,300, ndipo pa mbale yosalala kumayamba chakumapeto kwa mbaleyo Re akafika cha m'ma 500,000. Mbale yathu ya theka la mita, pa mamita 3 pa sekondi, ili ndi Re wa pafupifupi 83,000, ndipo fani ikafooka amatsika kufika 22,000. Onse awiri ali pansi pa malirewo, ndiye pa kabati ija fani iyenera kuuzira m'mwamba.